Katemera wa chitopa wagona m'nyumba ya malata: kodi akadali ndi mphamvu?

Funso: "Alangizi, ndinagula katemera wa chitopa wa La Sota pa Kamuzu Road, ndinamuika m'thumba la shati n'kukwera kabaza mpaka kwathu ku Khombedza. Wakhala pawindo masiku anayi. Pabotolo alembapo 2–8°C, koma sakuoneka kuti wasintha ndipo deti lake silinakwane. Ndipatse nkhuku?" Mlimi wa ku Khombedza, Salima

Yankho: Bambo, ameneyo musawapatse, mum'taye m'chimbudzi chokumba. Ndikudziwa kuti ndalama yapita, koma kutaya botolo limodzi n'kwabwino kusiyana n'kukhala phee poganiza kuti nkhuku zatetezedwa pamene sizinatetezedwe.

M'kabotolomo muli tizilombo ta chitopa tamoyo koma tofooka. Tikalowa m'thupi la nkhuku, thupilo limaphunzira kulimbana ndi chitopa chenicheni. Kutentha kumapha tizilomboti, ndipo tikafa kaufa ka katemera ka m'botolomo kamaoneka monga kale, sikasintha mtundu kapena fungo. Mumadzadziwa mochedwa, chitopa chitalowa m'mudzi: nkhuku zomwe munatemera zikuodzera, zikutsegula m'mimba zobiriwira, makosi akupindika. Apa m'pamene anthu amati katemerayu ndi wabodza, chonsecho anafera m'njira.

Manambala awiriwo, omwe nthawi zina amakhala pambali pa chithunzi cha kachipangizo koyezera kutentha, akutanthauza kuti mankhwalawo asazizire kupitirira madigiri 2 ndipo asatenthe kupitirira madigiri 8. Kumeneko ndi kuzizira kwa m'kati mwa firiji, pashelefu yapakati. Pachitseko ayi, chifukwa pamalowa mpweya wotentha nthawi iliyonse wina akatsegula. Kuno kunyanja mu Okutobala ndi Novembala masana amapitirira madigiri 30 ngakhale pamthunzi, ndipo pansi pa malata pamaposa apo. M'thumba la shati namo, thupi lanu lokha lili pa madigiri pafupifupi 37. Deti lomwe lili pambali pa zilembo za EXP limagwira ntchito pokhapokha ngati botolo lasungidwa pa kuzizira komwe alembako kuyambira kufakitale mpaka m'manja mwanu. Lamulolo likaswedwa, detilo silikutanthauzanso kanthu.

Ulendo wina, musanapereke ndalama onetsetsani kuti wogulitsa akutulutsa botolo mufiriji yomwe ikuziziradi, ndipo m'funseni mmene amachitira magetsi akazima. Pitani ndi fulasiki kapena kabokosi kosunga kuzizira muli ayezi, botololo mulikulunge m'kapulasitiki kuti madzi asafufute zolembedwa. Gulani tsiku lomwe mukatemere, mutapangana kale ndi anzanu, pakuti botolo limodzi nthawi zambiri limakhala la nkhuku 1,000. Mukangolisungunula, lithe pasanathe maola awiri. Wotsala sagona. Madzi osungunulira katemerayo akhale ozizira, opanda kolorini, chifukwa kolorini amaphanso tizilombo tija.

Kwa inu amene mulibe firiji, funsani alangizi a ziweto za katemera wa I-2, wodontheza dontho limodzi m'diso miyezi inayi iliyonse. Ameneyu amapirirako kutentha, koma kupirira sikutanthauza kuti saonongeka. Nayenso kwawo ndi mufiriji. Mukam'tulutsa, kulungani botolo m'kansalu konyowa, muike m'kadengu kolowa mphepo, pamthunzi. Madzi akamauma pansalupo amachotsa kutentha, ndiye muzinyowetsanso ikayamba kuuma. Musatsekere nsaluyo m'jumbo, chifukwa ikapanda kupitidwa mphepo siiziziritsa. Botolo lotsegula lithe m'masiku awiri kapena atatu.

Kuzizira kopitirira nako kumaononga. Akatemera amadzimadzi, makamaka obaya aja ooneka ngati mkaka, akaundana amalekana, mafuta pamwamba madzi pansi, ndipo ngakhale mukhutchumule sabwerera mwakale. Amenewa asalowe m'chipinda chopangira ayezi, ndipo paulendo ikani kakatoni pakati pa botolo ndi ayeziyo.

Mankhwala ena a ziweto, monga a njoka zam'mimba za mbuzi ndi obaya a okisitetirasaikilini, kawirikawiri amalembedwa nambala imodzi, 25°C kapena 30°C, kutanthauza kuti kutentha kusapitirire pamenepo. Safuna firiji, koma pawindo, m'khitchini kapena pamwamba pa khoma pafupi ndi malata si malo ake. Aikeni m'bokosi lotseka, m'chipinda chozizirirako, poti ana sangafike. Mukaona chithunzi cha dzuwa lotchingidwa, ndiye kuti kuwala kumawaononga, choncho asachoke m'katoni yake. Cha ambulera chikuti asanyowe, ndipo nthawi ya dzinja kuno chinyezi chokha chimakwanira kuumbitsa mankhwala a ufa ngati paketi yasiyidwa yotsegula. Okisitetirasaikilini akada kwambiri kusiyana ndi mmene munam'gulira, kapena mukaona zinyenyeswa pansi pa botolo, musabayire chiweto.