Joni mpaka Durban: ndi ulendo uti umene utulutsa utsi wochepa?

"Achimwene, ndimagwira ntchito ku Randburg. Disembala ino ndikufuna kukaona mlongo wanga ku Durban. Pakati pa galimoto, basi, sitima ndi ndege, n'chiti chimene chimaononga mpweya pang'ono pa munthu mmodzi?"

Zikomo achemwali. Yankho lagona pa mafuta amene apsa ndi chiwerengero cha anthu amene agawana mafutawo. Tiyeni tiwerengere limodzi.

Kuchoka ku Joni kukafika ku Durban pa msewu wa N3 ndi makilomita pafupifupi 570. Lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa makilogalamu 2.3 a mpweya wa kaboni. Kagalimoto komwa malita 7 pa makilomita 100 kamaliza malita 40, ndiye kuti makilogalamu 92. Mukakhala nokha m'galimotomo, onse 92 ndi anu. Mukakwera anayi, aliyense asenza 23 kapena kuposerapo pang'ono, poti galimoto yalemera. Apa mpamene anthu ambiri amaphonya: galimoto ndi yomweyo, msewu womwewo, koma chiwerengero chatsika kanayi chifukwa cha mipando yokha.

Basi yaikulu ya ku Park Station imamwa kwambiri, tinene malita 30 a dizilo pa makilomita 100. Ulendo wonse ndi malita 170, ndipo lita ya dizilo imatulutsa makilogalamu 2.7. Zonse pamodzi 460. Koma gawani kwa anthu 50, muona kuti aliyense wangotenga 9 okha. Ikanyamuka ndi anthu 15 okha, aliyense afika pa 30, kuposa anayi a m'galimoto aja. Mwamwayi, Disembala basi sinyamuka yopanda anthu.

Ndege yochoka pa OR Tambo kukatera pa King Shaka imatentha mafuta okwana matani ngati 3, chifukwa kunyamuka ndi kukwera m'mwamba kumadya mafuta ambiri, ulendo ufupike chotani. Kilogalamu ya mafuta a ndege imatulutsa makilogalamu 3.16 a kaboni. Mukagawira anthu 150, aliyense apeza 60 ndi kanthu. N'zoona, n'zochepa kusiyana ndi woyenda yekha pa galimoto, koma utsi ndi nthunzi zotayidwa kumwambako zimaonjezeranso kutentha kwa dziko, ndipo sizili m'chiwerengerochi.

Za sitima, musangotengera zimene mumawerenga za ku Ulaya. Ku France sitima imaoneka yoyera chifukwa magetsi ambiri ndi a nyukiliya. Kuno magetsi ambiri a Eskom amachokera ku malasha a ku Mpumalanga, ndipo yuniti imodzi imabwera ndi kaboni wokwana pafupifupi kilogalamu. Pa munthu mmodzi, sitima yodzaza imatulutsabe utsi wochepa kusiyana ndi ndege, koma basi yodzaza ikhoza kutulutsa wochepa kusiyana ndi sitimayo. Komanso sitima za anthu zopita ku Durban siziyenda modalirika, yambani mwafunsa.

Ine ndikuti kwerani basi. Ngati muli ndi katundu wambiri ndipo galimoto njosapeweka, itanani anzanu atatu musonkherane za petulo ndi zapatolgeti.