Chilembo cha ŵ, madigiri ndi maimoji pa laputopu

"Ndine mphunzitsi kuno ku Ntcheu. Ndikamataipa mayeso, chilembo cha ŵ ndi kachizindikiro ka madigiri ndimachita kukopera pa intaneti, ndipo bando ikatha ndimasowa pogwira. Pa foni maimoji sandivuta, nanga pa laputopu amabisala kuti?"

Aphunzitsi, zonsezi zili kale m'makina mwanumo, sizilira bando ayi.

Tiyambe ndi chophweka. Pa Windows 10 kapena 11, ikani kaye kasa pamene mukufuna kulemba, kenako dinani batani la Windows pamodzi ndi mpumiro (`Win + .`). Patuluka kabokosi ka maimoji. Pofufuza mutaipe m'Chingerezi, monga `heart`, chifukwa "mtima" sikamva. M'kabokosi komweko muli gawo la zizindikiro monga ° ndi ±. Pa Mac ndi `Control + Command + Space`.

Madigiri alinso ndi njira yachidule: gwirani `Alt` osasiya, mutaipe `0176`, kenako musiye. Koma njirayi imafuna manambala a kudzanja lamanja aja, `Num Lock` atayatsidwa. Manambala a pamwamba pa zilembo sagwira, n'chifukwa chake pa malaputopu ang'onoang'ono anthu amangodinadina osaona kanthu.

Tsopano ŵ, pamene pagona nkhani. Nambala yake ndi `0175`, ya Ŵ wamkulu ndi `0174`. Mu Word taipani nambalayo pogwiritsa ntchito mabatani a manambala alionse, kenako `Alt + X`, isanduka ŵ pompo.

Msampha uli pa liwu lomwe mukulifuna kwambirilo, la Malaŵi. Mukataipa `Mala0175`, simupeza ŵ. Chifukwa chake n'chakuti manambala amenewa amawerengera limodzi zilembo a mpaka f, ndiye Word amatenga "a" wa Mala uja n'kuwerenga `a0175`. Poti ŵ amakonda kutsatana ndi a kapena e, zidzakuchitikirani kawirikawiri. Mankhwala ake ndi kutsogoza `U+`:

```
MalaU+0175
```

Dinani `Alt + X`, mumalize ndi i, Malaŵi watuluka.

Ena adzakuuzani za `Alt + 373`. Mu Word imagwiradi, koma m'mapulogalamu ena ambiri imangotulutsa u wamba, ndiye ine sindiidalira.

Nanga polemba imelo kapena pa WhatsApp ya pakompyuta, komwe `Alt + X` sagwira? Koperani ŵ kamodzi kuchokera mu Word, dinani `Win + V` (ulendo woyamba akufunsani kuti muyatse, vomerani), ndipo muikhomere ndi kachizindikiro ka phini. Ikhala pomwepo ngakhale magetsi atathima laputopu n'kuzima.

Pa mapepala a mayeso, maimoji asiyeni. Word wakale amawaonetsa akuda ndi oyera, ndipo kompyuta ya kosindikizira ikakhala yakale, imoji yatsopano imatuluka kabokosi kopanda kanthu. Sungani mayesowo ngati PDF musanapite nawo kukasindikiza pa boma, ndipo muyang'ane ŵ aliyense musanalipire.