Maminitsi ochokera m'mavoisi noti a atcheya

"Achimwene, ndine mlembi wa banki m'khonde yathu ku Bangwe koma msonkhano wa Loweruka ndinali kumaliro. Atcheya anditumizira mavoisi noti anayi akuti ndilembe maminitsi. Ndiyambire pati?"

Achemwali, mwandikumbutsa zowawa. Ine zinandipezapo mu komiti ina ya chisoni ku Ndirande, atcheya athu anali bambo abwinobwino osaba ndi tambala yomwe, koma akagwira foni ndiye ulaliki, amayambira pa moni, kudandaula za ochedwa, za minibasi, kenaka pakatikati mpamene amaponya kuti "tinagwirizana kuti sonkhe ikwere kuchoka pa K2,000 kufika K3,000." Nditafunsa amayi awiri omwe analipo anati ayi, nkhaniyo inangokambidwa, anthu anayamba kunyamuka mvula itayandikira ndipo palibe anakweza dzanja. Atcheyawo sananame dala, iwo ataona kuti palibe watsutsa anangoti basi yadutsa.

Ndiye ine ndimakana zoti voisi noti ndi maminitsi osalemba. Ndi zomwe munthu mmodzi akukumbuka, komanso munthu wake ndi yemwe amatsogolera zokambirana, amakumbuka kwambiri zonena iye mwini. Tcherani khutu pa kayankhulidwe. Akati "tinavota" kapena "amayi uje anapereka ganizo, wina nkusekonda", pamenepo pali chigamulo. Akati "ndinawauza kuti" kapena "anthu sanatsutse", lembani kuti nkhaniyo inakambidwa, osapitirira apo. Ndipotu vuto lenileni ndi la atcheya omwewo, amayenera kusankha munthu wogwirizira ulembi msonkhano usanayambe, koma kwathu kuno aliyense amathawa cholembera, ena mpaka amati magalasi ayiwala kunyumba.

Chinanso ndi masiku. Atcheya akati "Lachisanu likubwerali" zimatengera tsiku lomwe anajambula, osati la msonkhano, ndiye afunseni deti lenileni.

Zochita zake

Sungani kaye mavoisiwo pena, asanafufutidwe. Mverani onse osalemba kanthu, ulendo wachiwiri muziimitsa nkumayika mfundo iliyonse pansi pa mutu wake wa pa ajenda, osati mmene atcheya anayankhulira, pambali mulembe voisi yake ndi mphindi yake. Mayina a omwe anabwera ndi ndalama zonse, masheya, ngongole, chindapusa, tengani m'buku la msungichuma, ndipo muwerenge ngati anthu anakwana nambala yomwe malamulo a gulu lanu amafuna kuti chigamulo chigwire. Zigamulo zokhazo awerengereni mamembala awiri payekhapayekha, akasiyana ndi atcheya musasankhe mbali, lembani kuti sizinatsimikizike.

Pamwamba penipeni nenani poyera kuti mlembi panalibe, maminitsiwa alembedwa kuchokera m'mavoisi noti a wapampando a tsiku lakuti, ndipo dzina lanu liikeni pa opepesa, osati pa omwe analipo. Atcheya asasayine mpaka gulu litawamva nkuwavomereza pa msonkhano wotsatira.