Sofa yoikidwa m'chithunzi cha chipinda ikamaoneka ngati ikuyandama

"Ndimagulitsa masofa amene amapanga mchimwene wanga, ndipo kasitomala wina ananditumizira chithunzi cha pabalaza pake kuti ndimuonetse mmene sofa ingakhalire. Ndaidula bwinobwino mu Photoshop, koma ndikaiika ikuoneka ngati ikuyandama, komanso sindikudziwa kuti ikule bwanji. Kodi ndikulakwitsa pati?"

Zikomo, achimwene, chifukwa cha kalata yanu ndi zithunzi ziwiri zija. Kadulidwe kanu kalibe vuto. Chavuta n'chakuti zithunzi ziwirizi zinajambulidwa kamera ili pa misinkhu yosiyana, choncho musanakhudze sofayo muyenera kuyamba mwapeza pamene panali kamera ya kasitomala wanu.

Tsegulani chithunzi cha pabalazapo, pangani Layer yatsopano, ndipo ndi Line Tool jambulani mzere wotsatira pamene khoma la kumanzere lakumana ndi pansi, wina wotsatira pamene khoma lomwelo lakumana ndi denga, ndi winanso wotsatira mizere ya pakati pa matailosi yolowera mkati mwa chithunzi. Mizere imeneyi m'chipinda chenicheni sikumana, koma m'chithunzi mukaitalikitsa imakathera pa malo amodzi. Pa malo amenewo dutsitsanipo mzere wopingasa kuchokera kumanzere mpaka kumanja. Mzere wopingasawu ndiwo msinkhu wa kamera, ndipo ubwino wake ndi uwu: chinthu chilichonse choima pansi m'chipindamo, kaya chili pafupi kaya chili kutali, mzerewu umachidula pa msinkhu umodzimodzi kuchokera pansi.

Kuti msinkhuwo tiudziwe m'masentimita timafuna chinthu chimene kutalika kwake n'kodziwika, ndipo m'nyumba chodalirika ndi chitseko, chifukwa zitseko zambiri zimatalika pafupifupi mamita 2. Ngati kasitomala ali ndi tepi, ndi bwino kumupempha kuti ayeze. M'chithunzi chanu ndayeza ndi Ruler Tool ndipo chitseko chatalika mapikiselo 1,200, pamene mzere wathu wachidutsa pa mapikiselo 900 kuchokera pansi pake. Amenewo ndi magawo atatu mwa anayi a chitseko, kutanthauza kuti foni inali pa masentimita 150, monga zimakhalira munthu akajambula ataimirira.

Tsopano sankhani pamene mwendo wakutsogolo wa sofa udzaponde, muyeze kuchokera pamenepo kukwera mpaka pa mzere uja. Pamalo amene munaikapo inu ndapeza mapikiselo 1,350. Popeza mtunda umenewo ukuimira masentimita 150, sentimita iliyonse pamalopo ndi mapikiselo 9, ndipo poika mkono pa sofa yanu, pamene munati ndi masentimita 60, payenera kutalika mapikiselo 540. Inu munapafikitsa pafupifupi 700, n'chifukwa chake sofayo ikuoneka ngati singalowe n'komwe pa chitseko chomwe chili kumbuyo kwakeko. Kumbuyo kwa sofa kuli ndi muyezo wakewake chifukwa kwatalikira kamera. Mwendo wakumbuyo ukaponda pamalo amene ali mapikiselo 1,050 pansi pa mzere, sentimita imakhala mapikiselo 7, ndipo chotsamira cha masentimita 85 chimatalika 595. Ine ndimajambula kabokosi ka mizere yopyapyala pogwiritsa ntchito manambala amenewa, mbali zake zolowera mkati zikuloza pokumanira mizere paja ngati sofa yagona motsatira makoma, kenako n'kulowetsa sofa m'kabokosimo. Kawerengedwe kameneka kamayenda bwino ngati foni inali yoongoka. Mukaona kuti mafelemu a zitseko akupendekera mkati kapena kunja, dziwani kuti wojambula anapendeketsa foni, ndipo muyambe mwawongola chithunzicho ndi Geometry ya mu Camera Raw Filter.

Polowetsa sofa m'kabokosi, yambani ndi Convert to Smart Object kuti isamaonongeke mukamaikulitsa ndi kuichepetsa mobwerezabwereza. Dinani Ctrl+T, ikulitseni mofanana mbali zonse mpaka kutsogolo kukwane 540 uja, ndipo mukatero dinani batani lakumanja la mausi, sankhani Distort, musunthe ngodya imodziimodzi pang'onopang'ono. Amene amagwiritsa ntchito GIMP apeza zofananazo mu Unified Transform podina Shift+T.

Apa ndi pamene ndiyenera kukuuzani mawu osasangalatsa. Distort imatenga chithunzi ngati pepala lafulati, choncho imagwira bwino ntchito pa kapeti, pa chithunzi cha pakhoma kapena pa chitseko cha kabati, koma sofa ili ndi kutsogolo, mbali ndi pamwamba, ndipo mukakonza nkhope imodzi zinazo zimapindika. Edit > Perspective Warp imathandizako, chifukwa imakulolani kuika bokosi limodzi kutsogolo ndi lina kumbali n'kuwalumikiza pa ngodya, komabe nayonso singapange chimene kamera sinaone. Sofa yanu munaijambula mutagwada, ndipo ndadziwira apa: makushoni okhalira akungooneka ngati kamzere kopyapyala, chotsamira chikuoneka chakutsogolo kokha popanda pamwamba pake, ndipo miyendo inayi yonse yatsala pang'ono kukhala pa mzere umodzi. Munthu woimirira pa masentimita 150 amaona pamwamba pa makushoni ponse, ndipo miyendo yakumbuyo imaoneka yokwera kwambiri kuposa yakutsogolo. Diso la kasitomala likuona matailosi kuchokera pamwamba ndi sofa kuchokera m'mbali pa nthawi imodzi, ndipo kuyandama mukunenaku n'kumeneko. Inenso ndinatayapo usiku wathunthu ndikukoka ngodya za tebulo lina lotere, ndipo m'mawa mwake linkaoneka ngati lanyowa ndi mvula n'kupindika.

Popeza sofa ili kwa achimwene anu, ijambuleninso, ndipo zimenezi sizikutengerani mphindi khumi. Ikani foni pa masentimita 150, yoongoka, pa 1x osati 0.5x, ndipo tembenuzani sofa mmene idzakhalire pabalazapo. Samalaninso mtunda, chifukwa ndi umene umalamula kuchepa kwa kumbuyo poyerekeza ndi kutsogolo. Manambala athu a 9 ndi 7 akutiuza kuti kumbuyo kwatalikira kamera kuposa kutsogolo pa mlingo wa 9 kwa 7, ndipo kwa sofa yakuya masentimita 85 zimenezo zikutanthauza kuima pafupifupi mamita 3 kuchokera kutsogolo kwake. Mukajambula pa mita imodzi n'kudzachepetsa pakompyuta, poika mkono wapafupi padzatupa ngati mphuno ya munthu wojambulidwa pafupi kwambiri. 

Sofa yatsopanoyo ikakhala m'kabokosi, yesani potalikitsa mizere ya m'munsi mwake ndi ya poika mikono. Ikakumana pa mzere wa msinkhu wa kamera, mwakhoza. Ikakumana m'munsi mwake, kamera yanu inatsikabe. Mukakhutira, ikani Layer ina pansi pa sofa pa Multiply, mupake kamthunzi kakuda, kakang'ono, pamene mwendo uliwonse wakhudza tailosi, ndi wina wofewa pansi pa sofa yonse wogwera kumanja, popeza zenera la kasitomala wanu lili kumanzere.