Ofusaidi amawerenga anthu awiri, osati difenda womaliza

"Abale ndithandizeni, amuna anga akamaonera mpira ndimangomva ofusaidi ofusaidi, kenako chigoli achikana, ndikafunsa amati ndikusokoneza. Imeneyi imakhala bwanji? Nanga hatiriki ndi nthawi yoonjezera ija ndi chani?"

Mayi mwafunsa bwino, ndipo ambiri amene amakuwa kuti refu wadya ndalama lamuloli amalidziwa theka lokha. Anthu amakonda kunena kuti ofusaidi ndi kupitirira difenda womaliza, koma lamulo nambala 11 silitchula difenda kapena goloboyi, limati pa nthawi imene mnzako akukupatsira mpira pakhale osewera awiri a timu inayo pakati pa iwe ndi mzere wa golo lawo, kapena ulingane ndi wachiwiriyo. Kungoti nthawi zambiri mmodzi mwa awiriwo amakhala goloboyi ndiye anthu anazolowera kuwerenga difenda yekha.

Taonani zimene zinachitika pa 11 Juni 2010, gemu yotsegulira chikho cha dziko lonse, South Africa ndi Mexico. Mexico inamenya kona, goloboyi wa South Africa Itumeleng Khune anatuluka kuti akaumenye mpira m'mwamba koma sanaupeze, wa Mexico anaugunda ndi mutu ukupita kwa mnzake Carlos Vela amene anali pafupi ndi golo, iye nkugoletsa. Laizimani anakweza mbendera, chigoli chinakanidwa, anthu ambiri anakwiya kumati ofusaidi yake iti poti Steven Pienaar wa South Africa anali ataima pamzere wa golo penipeni. Eya analipo, koma anali yekha! Khune anali atatsala kumbuyo kwa Vela, ndiye pakati pa Vela ndi mzere wa golo panali munthu mmodzi basi mmalo mwa awiri. Laizimani uja anaona bwino kwambiri ndipo ine ndimamupatsa ulemu mpaka lero, chifukwa zinthu zija zinachitika mwachangu zedi.

Mwina wina anena kuti nanga si pa kona palibe ofusaidi? Zoona, ukalandira mpira kuchokera pa kona, pa golokiki kapena woponya ndi manja kuchokera kunja palibe mlandu, koma ukhale waulandira mwachindunji. Pa Vela mpira unayamba wagundidwa ndi mnzake, ndiye kuwerenga kunayambira pa mutu uja osati pa kona.

China chimene chimasokoneza ndi nthawi yoyang'ana. Refu sayang'ana pomwe wosewera walandirira mpira, amayang'ana pomwe anali pamene mpira umachoka pa phazi la mnzake. Ndiye mutha kuona sitiraika ali yekhayekha ndi goloboyi, madifenda atsala kutali, koma palibe ofusaidi chifukwa anayamba kuthamanga ali mzere umodzi ndi iwo, kungowaposa liwiro basi. Kulingana si ofusaidi, zimenezo anasintha mu 1990. Amayeza mutu, thupi ndi miyendo, manja sawerenga chifukwa sugoletsa ndi dzanja. Komanso ukakhala m'chigawo cha timu yako kapena kumbuyo kwa mpira ulibe mlandu olo kutsogolo kukhale kopanda munthu. Ndipo kungoima pamalo a ofusaidi si mlandu ayi, mlandu umabwera ukaukhudza mpira, ukatchinga maso a goloboyi kapena ukalimbirana mpira ndi wa timu inayo, apo refu amapereka firikiki kwa enawo.

Hatiriki ndiye yosavuta, munthu mmodzi kugoletsa zigoli zitatu mu gemu imodzi. Mapenate a mkati mwa gemu amawerengedwa, koma aja omenya gemu itatha kuti apeze wopambana sawerengedwa. Kylian Mbappe wa France pa fainolo ya chikho cha dziko lonse ya 2022 anamwetsa Argentina zitatu, ziwiri mwa izo za penate, kenako anagoletsanso pa mapenate omaliza koma mbiri imati zitatu osati zinayi.

Nthawi yoonjezera ilipo ya mitundu iwiri ndipo anthu amaiphatikiza. Ina ndi mphindi zobweza nthawi imene yatayika posintha osewera, pothandiza ovulala kapena posangalalira chigoli, imabwera kumapeto kwa hafu iliyonse ya mphindi 45. Nambala imene refu wachinayi amakweza pa bolodi ija ndi yochepetsetsa, akaonetsa 4 ndiye kuti zosachepera 4, wina akagonanso pansi refu atha kupitiriza mpaka 6 kapena 7 ndipo sanabere aliyense. Inayo ndi ekisitira taimu, mphindi 30 zogawidwa 15 ndi 15, imeneyo imaseweredwa pa magemu ochotsana okha ngati matimu afanana zigoli, ndipo mipikisano ina imaidumpha nkupita ku mapenate nthawi yomweyo. Mu ligi mulibe zimenezo, akalingana amagawana mapointi basi.