Mwaima pamzere osadziwa kuti ndi wa chiyani?

"Ndinaona anthu ataima pamzere, nane ndinaimapo osadziwa kuti kutsogolo kuli chiyani. Kodi ndine munthu wongotengeka?"

Ayi ndithu, ndipo funso lanuli landikhudza. Tsiku lina ndinali pamsonkhano pomwe wolankhula anatitopetsa osanena chogwira mtima. Atakhala pansi, m'holo munangoti zii. Kenako bambo wina kutsogolo anawomba m'manja, mayi wa pambali pake anatsatira, posakhalitsa holo yonse inali phokoso lokhalokha. Ine manja ndinawasiya pamiyendo, koma zinkakhala ngati maso onse ali pa ine. Potuluka, anthu omwewo ankadandaula kuti awatayira nthawi.

Zimenezi zinandivutitsa maganizo mpaka nditawerenga zomwe katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Mark Granovetter analemba mu 1978. Iye ankakamba za zipolowe, koma n'chimodzimodzi. Aliyense ali ndi chiwerengero chake cha anthu amene amafuna awaone kaye asanalowerere. Tiyerekeze kuti m'holo muli anthu 100. Woyamba amawomba ngakhale ali yekha. Wachiwiri amadikira aone mmodzi, wachitatu awiri, choncho mpaka womaliza amene amadikira 99. Woyamba akangoyamba, onse amawomba. Tsopano sinthani munthu mmodzi yekha: wachiwiri uja azidikira awiri. Woyamba awomba yekha, achita manyazi, n'kusiya. Anthu ndi omwewo, koma holo ili zii!

N'chifukwa chake zimandinyansa anthu akamanyoza anzawo kuti ndi opanda nzeru. Kutsatira ena nthawi zambiri ndi nzeru, chifukwa gulu limatha kudziwa zomwe inu simunazione. Mu 1968, katswiri wa za maganizo a anthu Stanley Milgram ndi anzake anaimika anthu mumsewu wa ku New York kuti aziyang'ana m'mwamba. Akakhala mmodzi, odutsa oima anali 4 pa 100 alionse. Akakhala 15, oima ankafika 40 pa 100 alionse. Odutsawo sanali opusa. Ankaganiza kuti anthu onsewa sangayang'ane pachabe. Vuto limabwera pamene aliyense akudalira mnzake, koma wodziwa palibe.

Mantha osiyana ndi gulu ndi nkhani ina, ndipo ndi amene amandidetsa nkhawa. Katswiri wina, Solomon Asch, ankafunsa anthu pagulu funso losavuta la kutalika kwa mizere yojambulidwa, ena onse atapangana kuyankha zabodza. Pafupifupi atatu mwa anayi alionse anagonjera gulu kamodzi kapena kuposa. Koma pakapezeka mmodzi yekha wonena zoona, ogonja ankachepa kwambiri.

Nanga muzitani?

Dzifunseni ngati mungachitebe zomwezo popanda wokuonani. Ngati yankho ndi inde, mukungofuna kudziwa, ndiye funsani amene ali patsogolo panu kuti mzerewo ndi wa chiyani. Akati nayenso sakudziwa, pitani kutsogolo mukaone nokha.