Mini ndi midiyani pa tebulo: yambani mwawerenga ana

"Aphunzitsi, ndine mayi wa ku Area 25, mtsikana wanga ali fomu 3. Ndakutumizirani chithunzi cha pepala la masamu, iye wapeza mini 3, midiyaninso 3 koma kusukulu amukhwatcha zonse. Walakwitsa pati? Ine masamu ndinasiyana nawo kalekale."

Mayi, chithunzi ndachiona ngakhale mthunzi wa foni wagwera pamanambala penipeni. Mzere wapamwamba ndi malikisi, 1, 2, 3, 4, 5. Wam'munsiwo ndi furikwense, mwachidule f, kutanthauza kuti ndi ana angati anapeza malikisi amenewo. Nambala yoyamba ya m'munsimo siikuoneka bwino, itha kukhala 1 itha kukhala 7, zinazo ndi 6, 4, 2, 1. Sindinachite kulota ayi, funso lanena lokha pamwamba kuti ana analipo 20, ndiye 6 + 4 + 2 + 1 ndi 13, kuti tifike 20 pakufunika 7. Ikanakhala 1 ana akanangokhala 14.

Vuto la mtsikana wanuyu ndi limodzi basi, mzere wam'munsiwo sanauyang'ane n'komwe. Waphatikiza 1 + 2 + 3 + 4 + 5 kupeza 15 n'kugawa ndi 5, ngati kuti m'kalasimo munali ana asanu okha. Chonsecho amene anapeza 1 alipo 7, amene anapeza 5 ndi mmodzi yekha, sangalemere mofanana. Zili ngati kumsika wa Nsungwi mutagula milu 7 ya tomato ya mtengo wotsika ndi mulu umodzi wodula, ndalama zonse simungazidziwe osawerenga kuti mtengo uliwonse munatenga milu ingati.

Awonjezere mzere wachitatu, fx, malikisi kuchulukitsa ndi ana ake. 1 × 7 = 7, 2 × 6 = 12, 3 × 4 = 12, 4 × 2 = 8, 5 × 1 = 5. Zonse pamodzi 44, amenewa ndi malikisi a kalasi yonse. Agawe ndi ana onse, 44 ÷ 20 = 2.2, mini ndi imeneyo. Ena amafika bwinobwino pa 44 kenako n'kugawa ndi 5 kupeza 8.8, koma mayeso oti malikisi akulekera pa 5 mini ingafike bwanji 8.8? Ngakhale 3 wakeyo akanamukayikira, ana 13 mwa 20 anapeza 1 kapena 2, ndiye yankho liyenera kutsamira kumunsi.

Pa midiyani wangoloza nambala ya pakati pa mzere wapamwamba. Midiyani ndi malikisi a mwana amene waima pakati tikawafoletsa onse 20 kuyambira wotsika mpaka wokwera. Poti 20 imagawika pawiri ndendende, pakatipo paima ana awiri, wa nambala 10 ndi wa nambala 11. Tsopano aziwerenga mowonjezera: oyamba 7 anapeza 1, kuyambira wa nambala 8 mpaka 13 anapeza 2. Awiri athu aja ali m'gulu limeneli, midiyani ndi 2. Akanakhala kuti wina ali ndi 2 wina 3 tikanaphatikiza n'kugawa pawiri, 2.5. Asalembe 10.5 ngati yankho, ameneyo ndi malo apamzere chabe, si malikisi.

Funso lomaliza la pulobabilite simunalitchule koma ndaona walisiya osayankha. Akuti titatola mwana mmodzi mwachisawawa, mwayi ndi wotani kuti wapeza malikisi opitirira 3. Pansi pa fulakishoni ndi 20 yemwe uja, pamwamba ana amene akukwanira, a 4 ndi a 5, 2 + 1 = 3, yankho 3/20. Apa ana ambiri chimawagwetsa ndi chizungu osati samu. Papepalapo alemba "more than 3", a 3 sakulowa. Akanalemba "at least 3" a 3 aja akanalowa nawo, 4 + 2 + 1 = 7, yankho 7/20. Yankho likapitirira 1 adziwe kuti watembenuza fulakishoni.

Muuzeni mizere ya f ndi fx azilemba poyera ndi matotala ake, asamathere zonse mu kakyuleta, wochonga amafuna aone njira. Ndipo mukamajambulanso, pepala ligone patebulo, mujambulire panja masana, funso lonse lilowe kuyambira mawu apamwamba aja. 20 uja akanadukira kunja kwa chithunzi bwenzi ndikukufunsani kuti mutumizenso.